Kasitomala akapempha kuchotseredwa mtengo chifukwa akulipira kashi

"Amayi, ndangoyamba kumene kuoda zitenje ku Dar es Salaam, ndipo kasitomala wina wandilembera kuti ndimuchotsereko mtengo poti alipira kashi. Ndinamuyankha kuti mtengo ndi womwewo, ndiye wangoti zii. Ndilembenso bwanji?"

Mwanawe, yankho lakolo linali louma, komabe ndi labwinoko poyerekeza ndi limene linatsala pang'ono kundithera mpamba. Mu Okutobala 2023 mayi wina amene ndinkamudziwa bwino anatenga zitenje 200, ndipo ine, poopa kumukhumudwitsa, ndinangoti, "Musadandaule, mukalipira kashi ndikuchotserani," osatchula kuti ndichotsa zingati kapena kuti alipire liti. Anapereka theka, n'kunena kuti zotsalazo abwera nazo. Mu Novembala kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo pamene ankabweretsa ndalamazo mu Disembala, akuumirirabe kuti ndimuchotsere poti ndi kashi, sizikanathanso kugula ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam katundu wofanana ndi amene anatenga. Pa ulendo umene ndinakaoda zitenjezo n'kuti ofesala wina pachipata cha m'malire atandiwerengera msonkho pa mtengo wa m'mutu mwake, malisiti anga atawakankhira pambali ngati kuti ndinalemba ndekha, ndipo ndinagona panja masiku awiri ndikulondera mabelo. Mpaka lero mtima umandiwawa, chifukwa wonenerera mtengo saona zonsezi.

Sindinagwe, ndipo kuyambira pamenepo palibe amene wandichotsetsa tambala popanda kulemberana. Kasitomala wakoyo umulembere motere:

"Mayi, pepani kuti poyamba ndinakuyankhani mwachidule, ndipo zikomo chifukwa chofuna kugula kwa ine. Chitenje chimodzi ndi K10,000. Mukatenga 50 kapena kuposerapo n'kulipira ndalama zonse tsiku lotenga katundu, ndikuchotserani K500 pa chilichonse, moti pa zitenje 50 mupereka K475,000 m'malo mwa K500,000. Mtengo umenewu ulipo mpaka Lachisanu lino. Mukakonda kulipira pang'onopang'ono ndilandira, koma pa mtengo wa K10,000. Ndalama yotumizira katundu ndi yanu."

Manambalawo usinthe malinga ndi mmene unaodera, koma usachotse mawu akuti "ndalama zonse" ndiponso tsiku lothera, pakuti ambiri akamati kashi amatanthauza chikole lero, zotsala kumapeto kwa mwezi. Ulembe makwacha enieni, osati maperesenti, chifukwa peresenti aliyense amaiwerenga mokomera thumba lake. Ngati atumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, umuuze pomwepo kuti aikepo yotapira, apo ayi udzapeza kuti wamuchotsera kawiri. Ndipo K500 imeneyo usaitchule usanaphatikize msonkho, basi, malo ogona ndi ndalama imene unataya posintha makwacha kukhala mashilingi. Ikakhala kuti ikudya mpamba, umuuze mwaulemu kuti pa mtengo sungathe, koma umupatsa chitenje chimodzi cha basela.