Bwanji ndikumvabe kondakitala nditayatsa ANC?

"Akuluakulu, ndagula mahedifoni opanda chingwe, olowetsa m'khutu aja. Pa foni pakuoneka ANC, Transparency ndi Off. Ndimakwera minibasi ya Ntcheu–Dedza pafupipafupi, koma ndikayatsa ANC kondakitala ndimamumvabe. Kodi andipusitsa?"

Achimwene, mwina ayi. Kondakitala mudzamumvabe ngakhale mutagula odula chotani.

ANC ndi njira yochepetsera phokoso lakunja, ndipo imagwira ntchito chonchi: kunja kwa hedifoni iliyonse ya ANC kuli kamaikolofoni kotola phokoso. Kasipika ka mkati kamatulutsa phokoso lomwelo koma lotembenuza: la kunja likamakankha mpweya, ili limakoka, ndiye amafafanizana m'khutu momwemo. Izi zimatheka bwino pa phokoso la besi losasinthasintha, monga injini ikamabuula pamtunda, jenereta, kapena chigayo chomvekera patali. Koma hutala, mwana akulira, kapena kondakitala akufunsa otsika pa Lizulu, awa ndi mawu okwera komanso osintha msanga, kachipangizoko sikawakwanitsa. Chimene chimawachepetsa ndi timphira tolowa m'khutu tija.

Choncho yambani ndi timphirato. M'bokosi mumakhala saizi zitatu nthawi zambiri, ndipo ambiri timangovala timene tabwera pomwepo. Kakakhala kakang'ono, phokoso limadutsa m'mbali, nyimbo n'kumamveka yopanda besi. Yesani khutu lililonse palokha, poti makutu a munthu mmodzi amatha kusiyana.

Kenako muwayese mawa m'minibasi. Musayatse nyimbo. Galimoto ikathamanga, sinthani kuchoka pa Off kupita pa ANC. Kung'ung'udza kwa injini kuyenera kutsika nthawi yomweyo, mawu a anthu n'kutsala. Ngati palibe kusiyana kulikonse timphira tili totseka bwino, onaninso bokosi. Ambiri otchipa amalembedwa ENC, ndipo imeneyo imangochotsa phokoso pa mawu anu kuti amene mukumuimbira akumveni bwino. Kwa makutu anu sichita kanthu.

Transparency, ena amailemba Ambient Sound, imagwiritsa timaikolofoni tomweto koma imalowetsa dala mawu akunja. Mukangotsika, pitani pamenepo. Apa ndikuchondereradi: musayende m'mbali mwa M1 muli pa ANC, chifukwa imachotsa ndendende kulira kwa thiraki kapena njinga yamoto yobwera kumbuyo kwanu. Ndipo Transparency simathandiza nyimbo ikakhala yokweza kwambiri, tsitsaniko.

Mphepo ndiye mdani wa zonse ziwiri. Ija ya Juni ndi Julayi pa Dedza ikawomba pa timaikolofoni mumangomva kuti fuuu. Mukakhala pa windo lotsegula ikani pa Off, batire nalo limakhalitsako. Pa kabaza angochotsani basi.

Ngati mumagwira ntchito m'chigayo momwemo, musawadalire kuti akutetezani makutu. Pamenepo pamafunika zotsekera makutu zopangidwira phokoso la makina.