Masentimita 5 okha, nanga zigubu 16 zapita kuti?

"Achimwene, ine ndimalima tomato kuno ku Benga. Ndinamangitsa thanki ya njerwa, tinagwirizana ndi mmisiri mamita 2 mulitali, 1.5 mulifupi, kuya mita imodzi, akuti malita 3000, zigubu 150 za malita 20. Koma podzaza yalowa zigubu 134 basi. Ndayeza mkati ndapeza mbali iliyonse yaperewera ndi masentimita 5 okha. Zoona masentimita 5 angadye zigubu 16? Kapena ikudontha, kapena andibera?"

Zikomo bambo chifukwa cha imelo yanu, ndipo ndiyambe ndi kukuchotsani nkhawa ya kudonthayo. Thanki yodontha imafuna zigubu zambiri kuti idzaze, osati zochepa, chifukwa mukuthira kwinaku madzi akuthawa. Yanuyo yadzaza msanga, kutanthauza kuti malo mkatimo ndi ochepa kuposa amene munawerengera. Ndipo ndachulukitsa manambala anuwo pafoni, zigubu 134 ndi zomwe ziyenera kulowadi.

Taonani. Pa pepala munali ndi 2 × 1.5 × 1 = 3, makiyubiki mita atatu, ndipo kiyubiki mita imodzi ndi malita 1000, ndiye 3000 ija. Koma mkati mwenimweni muli 1.95 × 1.45 × 0.95, zomwe zikupereka 2.686, malita 2686. Gawani ndi 20 mupeza zigubu 134 ndi kamadzi pang'ono pamwamba. Ndendende zomwe munawerenga inu.

Chimene chimatipusitsa n'choti tikamva masentimita 5 timaona kachidutswa ka pa tepi, kosafika ndi kutalika kwa chala komwe. Koma mu thanki masentimita 5 amenewo sali pa mzere umodzi ayi, ayala khoma lonse. Ganizani pansi pa thankiyo, mamita 2 kwa 1.5, ndiye muyalepo madzi okuya masentimita 5 paliponse, kona mpaka kona. Madzi amenewo ndi 2 × 1.5 × 0.05, malita 150, zigubu 7 ndi theka zapita pamenepo pokha. Khoma lalitali lija, la mamita 2 kwa mita imodzi, likalowa mkati ndi masentimita 5 ladya malita 100. Lalifupi, 1.5 kwa 1, ladya 75. Kuphatikiza zonse ndi 325, pomwe zenizeni ndi 314, kusiyana kwa malita 11 kukubwera chifukwa m'makona momwe makoma akumana tawerengamo kawiri. Choncho simunataye masentimita 5 kamodzi, munataya katatu, ndipo ulendo uliwonse anachulukitsidwa ndi khoma lathunthu.

Njira yachidule yomwe ine ndimagwiritsa ntchito ndili pa saiti ndi ya maperesenti. Mbali iliyonse muone kuti yaperewera ndi maperesenti angati, kenako muphatikize. Masentimita 5 pa 200 ndi 2.5 peresenti, pa 150 ndi 3.3, pa 100 ndi 5. Pamodzi ndi 10.8 peresenti, ndipo 314 pa 3000 ndi 10.5, zayandikana kwambiri. Zikanakhala kuti mbali zonse zitatu n'zofanana, mukanangotenga peresenti ya mbali imodzi n'kuchulukitsa katatu. Kungoti njirayi imagwira bwino cholakwika chikakhala chaching'ono, mukafika pa ma 20 peresenti kumtunda m'makona muja mumakula ndipo yankho limayamba kuphonya, pamenepo chulukitsani manambala enieniwo basi.

Mwaona kuti kuya, komwe ndi mbali yaifupi kwambiri, ndi komwe kwadya madzi ambiri? Apa ndi pomwe ndimafuna anthu azisamala. Timatha nthawi kukoka tepi mulitali, anthu awiri, wina uku wina uko, koma kuya timangoponya ndodo n'kunena ah ndi mita imeneyi. Chonsecho sentimita imodzi ya kuya mu thanki yanuyo ndi malita pafupifupi 28, kuposa chigubu chimodzi. Pa silabu ya konkire ndiye zimapweteka zedi, mukawerengera masentimita 10 koma pansi sanasalaze bwino n'kuthira 11, konkire yakwera ndi 10 peresenti, pa matumba 30 a simenti muperewera atatu mchenga ndi miyala zili apo, anthu n'kuyamba kuloza anyamata aganyu kuti aba.

Tsopano masentimita 5 anuwo anachokera kuti? Sindinaione thankiyo, koma ndikukayikira pulasitala. Mmisiri akamanga njerwa kusiya mamita 2 pakati, kenako n'kumata pulasitala wa masentimita 2.5 khoma ili ndi 2.5 khoma linalo, ndi 5 ameneyo, ndipo pansi akathiranso simenti yosalaza ina 5 yapita. Ngati zili choncho sanakubereni, simenti yanu ili pakhomapo, ndipo thanki ya njerwa yopanda pulasitala wokwanira siisunga madzi. Vuto ndi loti simunamvane ngati mamita 2 aja ndi a njerwa kapena a mkati ntchito itatha.

Zolakwika za mtundu umenewu ndi zoipa chifukwa zonse zimakokera mbali imodzi. Dzanja likangophonya, pena mumawerenga mopitirira pena moperewera, zina zimafafanizana zokha. Koma pulasitala amachepetsa mbali zonse zitatu, palibe yobweza. Chimodzimodzi tepi yotanuka, ija ya nsalu ya atelala kapena chingwe chomanga mfundo, ikatanuka imanama mofanana paliponse pomwe mwaiika, ndiye bodzalo limalowa katatu mu nsamu. Gwiritsani ntchito tepi yachitsulo, ndipo muziyang'ana kambedza ka kumapeto kuti sikanapindike.

Kwa amene muli ndi thanki yozungulira kapena chitsime, dayamita imalowa kawiri chifukwa nsamu yake ndi 3.14 × r × r × h, pomwe r ndi theka la dayamita ndipo h ndi kuya. Ya dayamita mamita 2 kuya mita imodzi ndi malita 3140. Dayamita ikakhala 1.95, kuperewera kwa 2.5 peresenti kokha, madzi amatsika kufika pa 2985, pafupifupi 5 peresenti, kuya musanakukhudze n'komwe.

China choti mudziwe, zigubu nazonso si muyezo wa ku labu. Zambiri mukadzaza mpaka kukamwa zimapitirira malita 20 pang'ono, ndipo pa maulendo oposa 100 kapang'ono ako kamakula. Kwa inu manambala agwirizana bwino ndiye sindikudandaula nazo. Ngati mtima ukukayikabe za kudontha, dzazani madzulo, lembani mzere pakhoma pomwe madzi alekeza, vundikirani ndi malata kuti dzuwa ndi mphepo ya kunyanja zisamwe madzi, mawa m'mawa muone musanatunge. Akatsika ndi sentimita yathunthu usiku umodzi, malita 28 amenewo apita kwinakwake, itanani mmisiri. Kungoti pulasitala watsopano amamwako madzi masiku oyamba, ndiye yesani kawiri kapena katatu.

Ngati malita 3000 mukuwafunadi chifukwa cha mabedi a tomato mu Okutobala muno, simuyenera kugumula chilichonse. Gawani 314 ndi 28, mupeza masentimita 11. Kukweza khoma ndi masentimita 11 kubweza madzi onse aja, ndi mzere umodzi kapena iwiri ya njerwa kutengera njerwa zanu, mmisiri yemweyo aone kaye ngati khomalo ndi lolimba, amatenso pulasitala molumikiza bwino ndi wakale kuti pamfundopo pasadzadonthe. Akamaliza lowani nokha ndi tepi, muyeze mulitali ndi mulifupi pansi, pakati ndi pamwamba chifukwa makoma a njerwa sakhala owongoka ndendende, kuya muyeze m'makona onse anayi ndi pakati, mutenge nambala yapakatikati, ndiye mundilembere zomwe mwapeza tidzachulukitse limodzi.