Shifiti ndi yako mpaka abwana atavomera

"Agogo, Loweruka likubwerali ndili pa shifiti ya usiku, koma Lamlungu m'mawa ndili ndi ulendo wofunika. Mnzanga wavomera kundigwirira, ine ndidzamubwezera tsiku lina. Kodi ndiwauze bwanji asupavaiza? Kapena tingosinthana mwakachetechete?"

Mdzukulu wanga, zamwakachetechetezo usayerekeze. Dzina lomwe lili pa ndandanda wa mashifiti ndi lomwe limayankha mlandu. Mnzakoyo akagonereza, akadwala kapena akangosintha maganizo, wojomba ku ntchito udzakhala iweyo, ndipo mawu oti "tinagwirizana" sadzakuthandiza. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Lonjezo la mnzako likadali m'manja mpaka abwana atavomera.

Usanapite kwa abwanawo, khala pansi ndi mnzakoyo muyang'ane ndandanda wa sabata yonse. Apa ndi pomwe achinyamata ambiri mumaphonya, mumangoona tsiku limodzi lokhalo. Tinene kuti kwanuko mashifiti ndi atatu: wa m'mawa kuyambira 6 koloko mpaka 2 koloko masana, wa masana mpaka 10 koloko usiku, ndi wa usiku mpaka 6 koloko m'mawa. Ngati mnzakoyo ali kale pa shifiti ya masana Loweruka lomwelo, ndiye kuti akakugwirira agwira maola 16 osapuma. Ngati ali pa ya m'mawa Lamlungu, vuto ndi lomwelo, chifukwa aweruka 6 koloko n'kuyambanso 6 koloko yomweyo. Supavaiza wanzeru aliyense akana, ndipo sakhala atalakwa. Munthu wa tulo pa makina, pa geti kapena pa odwala ndi ngozi. Uonenso ngati ntchito yakoyo mnzakoyo amaidziwa komanso ngati amaloledwa kuigwira. Wosunga makiyi kapena ndalama sasinthana ndi munthu wongoyamba kumene.

"Tsiku lina" lakolo ndalikana. Litchuleni tsikulo lero lomwe, ndipo ngati n'kotheka likhale m'sabata yomweyo. Tsiku lobwezera likagwera sabata ina, maola a mnzako amachuluka sabata ino, ako n'kuchepa, ndiye pamabuka nkhani ya ovataimu yomwe kampani sinakonzekere. Abwana ambiri amakanira pamenepa, osati chifukwa chouma mtima ayi. Kumbukiranso kuti m'malo ena shifiti ya usiku imakhala ndi alawansi yake. Mugwirizaniretu kuti ndalamayo ikutsata amene wagwira usikuwo, kuti musadzakwiyirane pa malipiro.

Ukatero pita kwa abwana, nthawi ikadalipo, osati Lachisanu madzulo atanyamula kale chikwama. Ngati kuntchito kwanu kuli fomu yosinthanirana, lembani fomuyo n'kusainira nonse awiri. Ngati kulibe, lankhula nawo pamaso kenako utumize uthenga wolemba, wonga uwu:

"Bwana, ndikupempha chilolezo chosinthana shifiti ndi auje. Iwo avomera kugwira shifiti yanga ya usiku, kuyambira Loweruka pa 14, 10 koloko usiku, mpaka Lamlungu pa 15, 6 koloko m'mawa. Ine ndidzagwira yawo ya usiku, kuyambira Lachinayi pa 12, 10 koloko usiku, mpaka Lachisanu pa 13, 6 koloko m'mawa. Tayang'ana ndandanda, palibe amene agwire mashifiti awiri motsatizana. Iwonso akutumizirani uthenga wotsimikiza. Mukavomera, ndikupempha kuti ndandanda usinthidwe. Zikomo."

Taona kuti shifiti ya usiku ndaitchula ndi masiku awiri. Ukangoti "usiku wa Loweruka", wina amamva usiku wakuchera Loweruka, wina usiku wakuchera Lamlungu, ndipo onse awiri amalumbira kuti anamva bwino. Taonanso kuti ndati "ndikupempha", sindinati "ndikukudziwitsani". Wodziwitsa amakhala wagamula kale, pomwe mphamvu yogamulayo si yake. Chifukwa cha ulendo wako ukhoza kuchitchula m'mawu ochepa ngati ukufuna, koma usakolezere kapena kupeka maliro. Chomwe abwana akufuna kudziwa n'chakuti ndani adzakhale pamalopo.

Mawu oti "avomera" asachokere pakamwa pako pokha. Mnzakoyo atumize yekha uthenga wake, ngakhale wa mzere umodzi. Ukaona akuzengereza, akuti "ndiwauza mawa", dziwa kuti kuvomera kwake kunali kwa manyazi, ndipo yamba kufunafuna wina.

Abwana akakhala chete, usati avomera. Afunsenso mwaulemu tsiku lotsatira. Akayankha pakamwa kuti "palibe vuto", thokoza, koma upite ukaone ndi maso ako ngati dzina la mnzako lalowa pa Loweruka ndipo lako lalowa pa Lachinayi. Ngati pofika Lachitatu ndandanda sunasinthe, akumbutse, chifukwa amene adzayang'anire usiku wa Lowerukawo mwina ndi supavaiza wina yemwe nkhaniyi sanaimve n'komwe.