India ndi Joni anthu ophedwa ndi ofanana, nanga bwanji amati koopsa ndi ku Joni?

"Abale ndithandizeni. Ndaona kuti ku India anthu ophedwa pa chaka ndi ochuluka ngati a ku Joni komweko, koma aliyense akuti Joni ndiye koopsa. Komanso India yomweyo akuti ili m'gulu la maiko olemera kwambiri koma anthu ake akuti ndi osauka. Akumati tiziona za pa munthu mmodzi, zimenezi amawerengera bwanji?"

Achimwene, manambala mwaonawo ndi oona ndithu, chomwe chikusowa ndi kugawa basi. Tengani foni mutsegule kakyuleta tipange limodzi.

Mu 2022 apolisi a ku India analemba milandu ya kupha anthu pafupifupi 28,500. Ku South Africa m'chaka cha apolisi cha 2022/23 anthu ophedwa anali pafupifupi 27,500. Mukangoyang'ana apa mukhoza kunena kuti India ndiye yaipa pang'ono. Koma India ili ndi anthu pafupifupi 1.4 biliyoni pomwe South Africa kalembera wa 2022 anapeza anthu pafupifupi 62 miliyoni, ndiye kuti munthu mmodzi wa ku Joni akuyang'anizana ndi amwenye opitirira 20. Masamu ake ndi awa:

```
ophedwa ÷ anthu onse × 100,000
India: 28,500 ÷ 1,400,000,000 × 100,000 = 2
South Africa: 27,500 ÷ 62,000,000 × 100,000 = 44
```

Tanthauzo lake ndi loti mukatenga anthu 100,000, tingoti kamzinda kamodzi, ku India pa chaka aphedwamo awiri, ku South Africa aphedwamo 44. Funso loti koopsa ndi kuti limayankhidwa ndi nambala imeneyi osati ija ya anthu onse ophedwa, chifukwa inuyo mukamayenda mumsewu usiku chomwe chikukukhudzani ndi choti pa anthu amene muli nawo m'deramo ndi angati amene zimawaonekera. Chifukwa chake amachulukitsa ndi 100,000 palibe zamatsenga ayi, kungoti ukagawa ndi anthu onse basi umapeza 0.00002, nambala yoti palibe angaigwire m'mutu. Ndiye mukamayerekeza maiko awiri muzionetsetsa kuti onse awerengedwa pa 100,000, ena amalemba pa 1,000 ena pa 1 miliyoni, mukasakaniza mupusitsidwa masanasana.

Ku ndalama nkhani yake ndi yomweyo. GDP ndi mtengo wa zinthu zonse ndi ntchito zonse zomwe zapangidwa m'dziko pa chaka. Ya India mu 2023 inali pafupifupi madola 3.5 thililiyoni, n'chifukwa chaka chimenecho inawerengedwa pa nambala 5 padziko lonse. Gawani ndi anthu 1.4 biliyoni aja, aliyense akupeza pafupifupi madola 2,500 pa chaka chonse. Tsopano tengani Luxembourg, kadziko kakang'ono ka ku Ulaya ka anthu pafupifupi 660,000, ochepa kuposa a mumzinda wa Lilongwe, GDP yake inali cha m'ma madola 85 biliyoni, mukagawa mupeza pafupifupi madola 129,000 pa munthu. Chuma cha India chonse ndi chachikulu ka 40 kuposa cha Luxembourg koma pa munthu mmodzi Luxembourg ikupambana India ka 50. Zili ngati banja lokolola matumba 50 a chimanga koma pakhomo pali anthu 25, ndi banja lina lokolola matumba 10 ali awiriwiri. Nkhokwe yaikulu ili kwa oyambawo, koma njala iyambira komweko.

Manambala onse awiri ali ndi ntchito yake, musataye imodzi. Ngati funso ndi loti dziko liti lingagule ndege zankhondo zambiri kapena kutumiza chombo ku mwezi monga India inachitira mu 2023, onani GDP yonse. Ngati funso ndi loti anthu akukhala bwanji, yambirani pa ya munthu mmodzi. Ndati yambirani dala, chifukwa apa mpomwe ambiri mugulu muno amathera ndiye amayamba kukangana zopanda mutu.

Kugawaku kumakonza vuto limodzi lokha, la kukula kwa dziko. Zina zonse kumazisiya momwe zinalili, ndipo nthawi zina kumabweretsa vuto lake. Ine chizolowezi changa ndikaona nambala yotere ndimafunsa zinthu ziwiri, pamwamba awerenga chani, pansi agawa ndi ndani.

Tibwerere ku Luxembourg komweko muone. Tsiku lililonse m'mawa anthu opitirira 200,000 amalowa m'dzikomo kuchokera ku France, Belgium ndi Germany, pa sitima ndi pa magalimoto, kudzagwira ntchito m'mabanki ndi m'maofesi, madzulo amabwerera kwawo kukagona. Ndi pafupifupi theka la anthu onse ogwira ntchito m'dzikomo. Thukuta lawo limalowa mu GDP ya Luxembourg chifukwa ntchito yagwiridwira kumeneko, koma pogawa paja iwo mulibe chifukwa sakhala m'dzikomo, ndipo malipiro awo amakadyera kwawo. Ndiye pamwamba pali ntchito ya anthu ambiri, pansi pali anthu ochepa, nambala ikufufuma. Sikuti a ku Luxembourg ndi osauka ayi, ndi olemera zedi, koma 129,000 ija si ndalama yomwe munthu wamba amaiona m'thumba. Ku Ireland kunachitikanso zoseketsa mu 2015, GDP inakwera ndi 25 peresenti ndi kupitirira m'chaka chimodzi, osati chifukwa anthu analemera usiku umodzi koma makampani akuluakulu akunja anasamutsira katundu wawo wa m'mabuku kumeneko, mpaka a ziwerengero a dzikolo anachita kupanga muyezo wina wapadera kuti aziona chuma chenicheni cha anthu awo. Zoterezi zimachitika kwambiri ku maiko ang'onoang'ono, chifukwa kampani imodzi kapena chitsime chimodzi cha mafuta chikhoza kusuntha nambala ya dziko lonse. Ku India kampani imodzi singaigwedeze choncho. Njira yozindikirira ndi kuyang'ana GNI pambali pa GDP, imeneyo imawerenga ndalama zomwe zatsalira anthu okhala m'dzikomo, ndipo mukaona ziwirizi zatalikirana kwambiri dziwani kuti ndalama zikungodutsa.

Ku umbanda nako dziko laling'ono lili ndi vuto lake, nambala imadumphadumpha. Norway ndi chitsanzo chabwino. Mu 2011 inali ndi anthu pafupifupi 5 miliyoni ndipo zaka zambiri ophedwa amakhala cha m'ma 30, kutanthauza 0.6 pa anthu 100,000. Pa 22 Julaye 2011 munthu mmodzi anapha anthu 77 tsiku limodzi, chaka chimenecho nambala inakwera kupitirira 2. Wina wongotenga chaka chimenecho chokha akanati Norway ikufanana ndi India pa kuphana, pomwe chaka chotsatira zinabwerera pansi. Anthu 77 omwewo mukawawonjezera pa 28,500 a ku India nambala ya 2 ija siisuntha n'komwe. Ndiye taganizani kachilumba ka anthu 100,000 okha, munthu mmodzi aliyense wophedwa akukweza nambala ndi 1 yathunthu, chaka chino aphedwa atatu chaka chamawa asanu ndi mmodzi, nyuzi ilemba kuti kuphana kwakwera ndi 100 peresenti. N'chifukwa chake m'ndandanda wa maiko, kaya wa chuma kaya wa umbanda, pamwamba ndi pansi penipeni pamakonda kudzaza timaiko ting'onoting'ono. Mukamayerekeza dziko laling'ono ndi lalikulu musatenge chaka chimodzi, tengani zaka zisanu kapena khumi muphatikize mugawe.

Dziko lalikulu vuto lake ndi lina, avareji imabisa zambiri. 44 ya South Africa ija sikuti yafalikira mofanana paliponse, mapolisi a ku Nyanga ndi Delft ku Cape Town, ndi Inanda ndi Umlazi ku Durban, amakhala pamwamba pa ndandanda chaka ndi chaka, pomwe kuli madera ena oti munthu amakhala zaka osamva mfuti. Abale athu amene ali kumeneko akuuzani kuti zimatengera ukugona kuti komanso ukuweruka nthawi yanji. Chimodzimodzi madola 2,500 a ku India, mmenemo muli Mukesh Ambani ndi mabiliyoni ake, mulinso mlimi wa ku Bihar, chigawo chosauka kwambiri m'dzikomo, onse agawiridwa mofanana pa pepala. Ngati mukufuna kudziwa za munthu wamba fufuzani ndalama za munthu wapakatikati, uja woti mukandandalika anthu onse kuyambira wosaukitsitsa mpaka wolemeretsetsa ali pakati penipeni. Ameneyo mabiliyoneya samukoka.

Mwina mwaona kuti pa umbanda ndangokamba za kupha basi. Ndi dala. Mtembo suvuta kuwerenga ndipo kuubisa n'kovuta, achipatala nawonso amalemba zawo, ndiye maiko akhoza kuyerekezedwako ngakhale kuti nawonso amasiyana pang'ono pa zomwe amazitcha kupha mwadala. Koma kuba mafoni, kuthyola nyumba, kugwiririra, zimenezo nambala yake ndi ya milandu yomwe yakafika ku polisi n'kulembedwa. Kumene anthu ali ndi inshuwalansi amakanena ngakhale njinga yabedwa chifukwa akufuna kalata ya apolisi kuti alipidwe, kwathu kuno foni ikabedwa m'depoti ambiri timangopukusa mutu n'kukagula simu ina. Ndiye dziko loti apolisi ake amagwira ntchito bwino likhoza kuoneka la akuba ambiri. Sweden imatchulidwa kawirikawiri pa nkhani yogwiririra, koma lamulo lawo limakhudza zinthu zambiri ndipo amawerenga ulendo uliwonse paokha, mayi akanena kuti mwamuna wake wamuchita nkhanza imeneyi kambirimbiri iwo amalemba milandu yambiri pomwe kwina akanalemba umodzi. Apa olo mugawe bwanji ndi chiwerengero cha anthu, mukugawa zinthu zosiyana.

Chomaliza ndi dola. Kuti maiko ayerekezedwe ndalama zawo zimasinthidwa kukhala madola, ndiye ndalama ya dziko ikagwa, monga kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nambala ya m'madola imatsika pomwe minda ndi mafakitale ndi omwewo. Komanso dola imodzi ku India imagula chakudya chambiri kuposa ku Luxembourg, kumeta tsitsi, lendi, basi, zonse n'zotchipa. Pofuna kukonza zimenezi a World Bank ndi IMF amatulutsanso nambala ina yolembedwa PPP, yomwe imatengera mitengo ya zinthu m'dzikomo, ndipo pa muyezo umenewo ya India imakwera kufika cha m'ma madola 10,000 pa munthu. Mpata ndi Luxembourg umachepa koma ukadali waukulu. Ndiye mukaona anthu awiri akukangana mugulu muno wina akuti 2,500 wina akuti 10,000, afunseni kaye ngati wina sakuwerenga ya PPP, nthawi zambiri onse amakhala akunena zoona.