100 kuphatikiza 50 kukhala -106, zatheka bwanji?

"Akulu, ku labu ndaphatikiza 100 ndi 50 mu `AL` koma pa sikirini pakubwera -106, `OF` ili 1 pomwe `CF` ili 0. Nditapanga `movsx` kupita mu `AX` ndikuona 65430. Yapenga ndi kompyuta kapena ine?"

Palibe wapenga apa achimwene, purosesa yaphatikiza bwinobwino. Taonani mabiti ake:

```
  0110 0100   (100)
+ 0011 0010   (50)
= 1001 0110   (0x96)
```

Mabiti amenewa mukawawerenga ngati nambala yopanda saini ndi 150 ndithu. Koma mu thuzi kompulimenti, njira yomwe kompyuta imasungira nambala za saini, biti yakumanzere kwenikweni ija kulemera kwake ndi -128, osati 128, ndiye zikukhala -128 + 16 + 4 + 2, basi -106 uja ndi ameneyo. Ngati mukukayika tembenuzani mabiti onse, mupeza `0110 1001` yomwe ndi 105, onjezani 1, yakwana 106. Mabiti 8 okhala ndi saini amayambira pa -128 kulekeza pa 127, ndiye 150 alibe pokhala.

Chomwe ambiri sachigwira msanga nchakuti `add` sadziwa ngati inuyo mukuganiza za saini kapena ayi, amangophatikiza kamodzi nkukonza mafulagi onse awiri, kusankha yoti muyang'ane ndi ntchito yanu. `CF` imanena za nambala zopanda saini, kuti kodi pali biti yomwe yasefukira kunja kwa mabiti 8 aja? 150 sanapitirire 255, nde ili 0. `OF` ndi ya nambala za saini, imayaka mukaphatikiza mapozitivu awiri nkutuluka negetivu, kapena manegetivu awiri nkutuluka pozitivu. Pozitivu ndi negetivu mukaziphatikiza singayake olo pang'ono, poti yankho limagwera pakati pa ziwirizo. Tayesani `0xFF + 0x01` muone zikusinthana: yankho 0, `CF` 1 chifukwa 255 + 1 sakwana, koma `OF` 0 chifukwa -1 + 1 ndi 0 zoonadi. Ineyo pa mayeso ndimangoyang'ana masaini atatuwo, njira ina ija yofananitsa carry wolowa ndi wotuluka pa biti ya saini imagwiranso koma pamanja imasokoneza.

Za 65430 zija, `movsx` imatenga biti ya saini nkuikopera m'malo onse atsopano akumanzere, ndiye `0x96` yasanduka `0xFF96`, yomwe ndi -106 yemweyo mu mabiti 16, kungoti pulogalamu yanu yaionetsa ngati yopanda saini, 65536 kuchotsa 106. Mukanapanga `movzx` ikanaika maziro nkukupatsani `0x0096`, 150, ndipo mukanasangalala, koma zangochitika mwamwayi, tsiku lomwe yankho lidzakhale -5 idzakupatsani 251.

Kukulitsa mutaphatikiza kale nkuchedwa, zaonongeka kale mu `AL`. Ikani 100 mu `AL` ndi 50 mu `BL`, kulitsani nambala zonse ziwiri kaye kenako muphatikize:

```
movsx ax, al
movsx bx, bl
add   ax, bx
```

Apa mupeza 150 ndipo `OF` ikhala 0.