Oilo wa Hilux: miyezi itatu kapena makilomita?

"Achimwene, amakaniko akuti oilo ndizisintha miyezi itatu iliyonse, pomwe amalume akuti ndizidikira makilomita 10,000. Hilux ija yangoyenda 1,800 chisinthireni mu Januwale. Ndimvere ndani?"

Ee mphwanga, ndamva. Ndiyankhira mugulu momwe muno kuti amalume nawonso amve, pepani amalume ngati ndisiyana nanu pang'ono.

Panopa usasinthe. Miyezi itatu ya dzinja galimoto yangoyenda pang'ono, oiloyo akadali ndi ntchito. Koma usadikirenso 10,000. Nambala imeneyo opanga galimoto amaipereka kwa munthu woyenda pa tala maulendo ataliatali, ngati wochoka ku Tete kupita ku Zobue. Mubuku la galimoto amalembanso za ntchito yolemetsa, kutanthauza fumbi, katundu wambiri, timaulendo tifupitifupi ndi injini yolira galimoto itaima. Pamenepo amadula pakati, makilomita 5,000 kapena miyezi 6, chimene chayamba kukwanacho. Nanga iwe ntchito yako si imeneyo?

Tiye tiwerengere limodzi. Ine ndimachita chonchi: kilomita ya msewu wafumbi ndimaiwerenga ngati awiri, ya pa tala ngati imodzi, ndipo zikakwana 10,000 ndimasintha. Nyengo yokolola, kuyambira Juni mpaka Okutobala, tinene kuti pa sabata umayenda makilomita 400 kututa mbatatesi ndi chimanga, 300 m'misewu ya kuminda ku Tsangano, 100 pa tala wa ku Ulongwe. Ndiye kuti 600 kuphatikiza 100, sabata imodzi yadya 700. Pakutha masabata 14 wafika, pomwe mita ikuonetsa makilomita 5,600 okha. Waona? Nyengo imeneyo amakaniko ako akunena zoona, ndi miyezi itatu ndithu. Koma dzinja lino, pa makilomita 600 pa mwezi, miyezi 6 ikwana usanafike ndi 4,000 pomwe. Apo wolamula ndi kalendala, usinthe mu Julaye, kapena ndinene kuti kumayambiriro a Juni, ulowe m'zokolola ndi oilo watsopano.

Mwina ufunsa kuti oilo wongokhala amaonongeka bwanji. Ukaliza injini m'mawa kukuzizira ngati ku Angonia kuno, n'kuyenda makilomita atatu kupita kumsika n'kuzimitsa, injini siitentha mokwanira. Chinyezi ndi dizilo wosapsa zimatsikira mu oilo n'kukhala momwemo, chifukwa zimafuna ulendo wautali kuti zituluke ngati nthunzi. Komanso ola limene galimoto ikulira itaima, mukukweza matumba, mita siiwerenga koma oilo akugwira ntchito.

Tsono za fumbi, apa ndiye undimvetsere. Fumbi limalowa ndi mpweya, ndipo mlonda wake ndi fyuluta ya mpweya. Ikang'ambika kapena chivindikiro chikapanda kukhala bwino, timchenga timalowa n'kumapala maring'i ndi masilinda, ngakhale utasintha oilo sabata iliyonse injini itha basi. Ndiye Loweruka lililonse m'chilimwe tsegula bokosi la fyuluta lija. Pisa chala m'paipi yochoka pa fyuluta kupita ku injini. Chala chikatuluka choyera, zili bwino. Chikatuluka ndi fumbi lofiira, pali polowera fumbi, ufufuze tsiku lomwelo ndipo oilo umusinthe osayang'ananso mita. Fyulutayo usamaimenyetse pa tayala ngati amachitira anyamata ena, pepala lake limasweka mosaoneka. Uigugude pang'onopang'ono ndi dzanja, ndipo ukaiunika ndi tochi n'kuona kabowo, gula ina.

Kuda kwa oilo kusakuopseze. Wa dizilo amada masiku ochepa okha, ndi mwaye umene akunyamula, ndiyo ntchito yake. Uziona zina pa kachitsulo kopimira kaja, galimoto itaima pamalo osapendekeka. Oilo akamakwera yekha kupitirira mzere wapamwamba, ali wamadzimadzi ndipo akununkha dizilo, ndiye kuti dizilo akulowa, pita kwa amakaniko akaone manozo. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi alowa, mwina powoloka mtsinje kapena gasiketi yapsa, ndipo apo usalizenso injini. Ukamufikisa pakati pa zala n'kumva timchenga, nthawi yadutsa kale.

Posintha, fyuluta ya oilo isinthirenso pamodzi, osamaidumphitsa kuti upulumutse ndalama. Gula 15W-40 wa dizilo m'chigubu chomata, osati wopima m'mabotolo a m'mbali mwa msewu. Ukatero lemba tsiku ndi makilomita pa kapepala, umate mkati mwa chitseko cha dalaivala.

Unditumizire chithunzi cha mita ndi cha fyuluta ya mpweyayo madzulo ano, ndione ngati ingafike mu Juni. Upereke moni kwa alamu ndi ana.