Avereji ya kalasi ikusemphana ndi yanga, magiredi nawonso sakumveka

"Aphunzitsi anzanga thandizeni. M'kalasi mwanga muli ana 40. Pa pepala la zotsatira kompyuta ikuti avereji ya mayeso ndi 56, koma ine nditatenga totala n'kugawa ndi 40 ndikupeza 50.4. Komanso ana awiri onse akuoneka kuti apeza 60, koma wina yamupatsa C, wina D. Ndalakwitsa pati?"

Aphunzitsi, musasaine kaye pepalalo. Manambala anu awiriwo akuulula okha pomwe pagona vuto. Chulukitsani 50.4 ndi 40, mupeza 2,016, yemwe ndi totala wanu. Tsopano gawani 2,016 ndi 56, yankho ndi 36. Ndiye kuti kompyuta yawerengera ana 36 okha, ndipo ana anayi ilibe nawo nambala m'timabokosi tawo. Fomula ya AVERAGE imadumpha kabokosi kopanda kanthu ndi kabokosi kokhala ndi mawu, koma ziro imamuwerengera. Inu munagawa ndi mayina onse a m'kaundula, iyo inagawa ndi okhawo amene ili ndi malikisi awo.

Kuti mutsimikize, tiyerekeze kuti mayina ali mu mzere wotsika wa A ndipo malikisi a mayeso ali mu C, kuyambira pa 2 mpaka pa 41. Lembani izi m'timabokosi tiwiri topanda kanthu:

```
=COUNTA(A2:A41)
=COUNT(C2:C41)
```

Yoyamba iwerenga mayina, ikupatsani 40. Yachiwiri iwerenga manambala okha, ndipo ndikukhulupirira kuti ikupatsani 36. Apa ndiye muyende ndi chala dzina ndi dzina mpaka muwapeze anayiwo, chifukwa sikuti onse anajomba. Wina akhoza kukhala kuti analembadi mayeso koma pepala lake linatsalira m'kabati osalowetsedwa. Wina malikisi ake alipo ndithu, maso akuwaona, koma kompyuta ikuwatenga ngati mawu. Izi zimachitika ngati munthu analemba chilembo O m'malo mwa ziro, kapena ngati manambala anakoperedwa kuchokera kwina. Chizindikiro chake n'chakuti nambala yotere imatsamira kumanzere kwa kabokosi pomwe zinzake zatsamira kumanja, ndipo mu Excel nthawi zina pamaoneka kachizindikiro kobiriwira pakona. Nambala imeneyi SUM nayonso imaidumpha mwakachetechete, choncho ngakhale 2,016 uja akhoza kukhala woperewera.

Ngati anayi onsewo anajombadi, avereji yoona ya olemba mayeso ndi 56. Ine sindigwirizana ndi zomupatsa ziro mwana amene sanalembe. Ziro amatanthauza kuti mwana anakhala pansi, analemba, ndipo sanakhoze kanthu. Mwana amene anali chigonere tsiku la mayeso sanatiuze chilichonse za zimene akudziwa. Mukawapatsa ziro anayiwa, avereji ikutsika ndi 5.6, ndipo ahedi aganiza kuti kalasi yabwerera m'mbuyo pomwe sizili choncho. Komabe ngati sukulu yanu ili ndi lamulo lake pa ojomba, litsateni, koma mulembe pansi pa pepalalo kuti olembetsa 40, olemba 36, ojomba 4, kuti wowerenga adziwe kuti mwagawa ndi chiyani.

Totala mumutsimikize powonkhetsanso kuchokera pa mapepala a ana enieniwo, osati pa sikirini. Ngati zimene mwapeza zikusiyana ndi za kompyuta, onani kusiyanako. Kukagawika ndi 9 popanda chotsala, kawirikawiri pali nambala imene inalembedwa chotembenuza. Ine zinandichitikirapo: ndinasemphana ndi 27, ndinafufuza madzulo onse, kenako n'kupeza kuti mtsikana wina amene anapeza 63 ndinamulembera 36. Akanapita kwawo ndi lipoti loti walephera, chifukwa cha chala changa.

Tsopano za ana awiri aja. Zimene maso anu akuona sizimene kompyuta ikugwiritsa ntchito. Ndipereke chitsanzo, poyerekeza kuti ntchito ya m'kalasi imatenga 30 peresenti, mayeso 70 peresenti, ndipo C amayambira pa 60. Mwana woyamba wapeza 65 pa ntchito ya m'kalasi ndi 58 pa mayeso. Izi zikupereka 19.5 kuphatikiza 40.6, zonse pamodzi 60.1. Wachiwiri wapeza 61 ndi 59, zomwe zikupereka 18.3 kuphatikiza 41.3, zonse pamodzi 59.6. Ngati timabokosi tinakonzedwa kuti tisamaonetse madesimolo, onse awiri aoneka 60. Koma kubisa madesimolo sikusintha nambala. Fomula ya giredi ikuonabe 59.6, ndipo kwa iyo 59.6 sanafike pa 60, ndiye yamuponya ku D. Onetsani madesimolo awiri pa mzere umenewo, muona ndi maso anu.

Gwero la vutoli ndi mmene timalembera malire. Timati D ndi 50 mpaka 59, C ndi 60 mpaka 69, ngati kuti pakati pa 59 ndi 60 palibe kanthu. Pamene malikisi ali manambala athunthu zimayenda bwino, koma mukangoyamba kuchulukitsa ndi maperesenti, ana ena amagwera m'kampata kameneko. Funso loti 59.6 akwezedwe kufika 60 kapena ayi si la kompyuta, ndi la sukulu, ndipo liyenera kuyankhidwa kamodzi kwa ana onse. Ngati mwagwirizana zokweza, sinthani nambala yeniyeniyo, osati maonekedwe ake okha, poyerekeza kuti malikisi a ntchito ya m'kalasi ali mu B ndipo a mayeso ali mu C:

```
=ROUND(B2*0.3+C2*0.7,0)
```

Giredi izitengedwa kuchokera pa yankho la fomula imeneyi. Muzichita zimenezi kamodzi kokha, pa mapeto. Mukayamba kukweza 19.5 kukhala 20 ndi 40.6 kukhala 41 musanawonkhetse, mwana wa 60.1 uja asanduka wa 61, ndipo wina akhoza kudumpha malire amene sanawafike. Ngati mwagwirizana zosakweza, ndiye lipoti lionetse 59.6 momwemo. Kholo likaona 60 pambali pa D, pomwe mwana wa mnzake ali ndi 60 pambali pa C, lidzati mukukondera, ndipo silidzakhala likulakwa kufunsa.

Yang'ananinso chizindikiro chimene chili mu fomula ya giredi. Ngati palembedwa `>60` m'malo mwa `>=60`, mwana wopeza 60 ndendende agwera pansi. Njira yachidule yoyesera ndi kulemba mwana wongopeka pansi pa ndandanda, n'kumupatsa 59, kenako 60, kenako 69 ndi 70, mpaka mutayesa malire onse, uku mukuona giredi imene ikutuluka. Mukamaliza musaiwale kumufufuta, angalowe mu avereji.

Chenjerani ndi ojomba aja pa mzere wa malikisi omaliza. Kabokosi kopanda kanthu mukakachulukitsa ndi 0.7 kompyuta imakatenga ngati ziro, choncho mwana wojomba amene anali ndi 70 pa ntchito ya m'kalasi atuluka ndi 21 komanso giredi yolephera, ndipo 21 ameneyo alowa mu avereji ya mzerewo. Afufutireni fomulayo n'kulemba kuti sanalembe. Pomaliza werengani kuti ma A alipo angati, ma B angati, mpaka giredi yotsiriza. Mukawonkhetsa apezeke 36. Akakwana 40, ojomba alandira magiredi. Akaperewera pa 36, pali mwana amene analemba koma fomula yamusiya panja.